Kabati ya mlombwa ikuoneka ngati pepala lomata, ndalakwitsa pati?

Wojambula wa ku Chibavi: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikujambula pa kompyuta khitchini ya nyumba ina ku Katoto kuti eni ake aione asanapereke ndalama kwa mmisiri. Akufuna makabati a mlombwa, siling'i ya paini, ndipo mbali yodyera pansi pake pakhale matabwa a bulugama. Miyezo yonse ndatenga ndekha ndi tepi, chipindacho ndi mamita 4.2 ndi 3.6, kuwala ndakonza bwino, koma mayi a nyumbayo atangoona anati, "Izi si matabwa, ndi mapepala omata aja." Ndayang'anitsitsa ndipo akunena zoona. Zithunzi ziwiri ndaika pamwambapa. Ndimamanga mu pulogalamu ya SketchUp, kenako kumalizitsa mu ya Blender.

Wophunzira zomangamanga: Achimwene, vuto ndi chithunzi cha thabwa chomwe mwagwiritsa ntchito, ndi chaching'ono. Pezani chachikulu, chooneka bwino, cha mtengo wofiirira uliwonse wa kunja. Mlombwa ndi mitengo yofiira ya kunja ija sizisiyana kwenikweni.

Mmisiri wa ku Luwinga: Mwana wanga wa ku Chibavi, za kompyuta sindizidziwa, koma ndakulitsa chithunzi chako pa foni ndipo ndaona zimene mayiwo aona. Tiyambe ndi chitseko chimodzi chokha cha kabati ya pansi. Ndiuze muyezo wake.

Wojambula wa ku Chibavi: Mamilimita 720 kutalika, 450 m'lifupi, adada. Chili ndi felemu kuzungulira ndi panelo pakati.

Mmisiri wa ku Luwinga: Chabwino. Chitseko chotero ine ndimachipanga ndi zidutswa zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zoimirira za m'mbali, ziwiri zopingasa, cha pamwamba ndi cha pansi, ndiye panelo ya pakati. Felemu ikakhala ya mamilimita 70, panelo yooneka imatsala 310 m'lifupi ndi 580 kutalika. Thabwa la mlombwa lopanda choyera cha m'mbali lofika 310 masiku ano silipezeka wamba, ndiye ndimalumikiza awiri a 155 ndi guluu.

Tsono yang'ana chako. Mizere ya thabwa yayambira pansi pa chitseko, yadutsa chopingasa cha pansi, yalowa mu panelo, yatulukira pa chopingasa cha pamwamba osaduka paliponse. Palibe mtengo umene ungachite zimenezo. Pa chopingasa mizere imagona, chifukwa thabwa timalidula motsata kutalika kwake. Ukadula chopingasa mizere itaimirira chingathyoke ndi manja. Ndipo pamene choimirira chakumana ndi chopingasa pamaoneka kamzere, mtundu mbali iyi ndi mbali iyo sufanana ndendende ngakhale zitachokera pa thabwa limodzi. Mayiwo mwina sangafotokoze zimenezi, koma akhala akutsegula makabati moyo wawo wonse. Diso lawo likudziwa kuti chinthu chimene mizere yake imangodutsa ponseponse ndi pepala.

Madirowa ako nawonso wawaimiritsa mizere. Nkhope ya dirowa ndi thabwa logona.

Mlongo wa mapulani: Bambo a ku Luwinga alasa penipeni. Achimwene, mwapaka chithunzi chimodzi pa chitseko chonse ngati chinthu chimodzi. Chigaweni zidutswa monga mmisiri wanenera, chilichonse chikhale pachokha. Mu SketchUp, mukapaka nkhope ya chopingasa, dinani kumanja pa nkhopeyo, pitani pa Texture kenako Position, dinaninso kumanja musankhe Rotate ndi 90. Pomwepo mukhoza kukoka chithunzicho kuti chidutswa chilichonse chitenge malo ena a thabwa, zisafanane. Mukafuna kuchitira mu Blender, ndi Rotation ya Z pa Mapping.

Koma pali chachiwiri chimene ndaona, ndipo apa wophunzira uja wanena theka la zoona. Vuto si kuchepa kwa chithunzi, ndi kukula kumene mwachipatsa. Thabwa limene linajambulidwa pa chithunzicho linali lalikulu bwanji?

Wojambula wa ku Chibavi: Sindikudziwa achemwali, ndinangochipeza. Ndinachikoka mpaka chinakwana chitseko.

Mlongo wa mapulani: Ndi pamenepo. Tiyerekeze linali thabwa la mamilimita 200 m'lifupi. Mwalitambasula kufika 450, ndiye kuti chilichonse chakula kuposa kawiri. Timabowo ta thabwa tija timene timaoneka ngati timizere ta singano tasanduka ngati mikwingwirima ya msomali, ndipo kabati yonse ikuoneka ngati kachidole kojambulidwa pafupi. Mu Materials, pa Edit, pali malo olembapo m'lifupi ndi kutalika kwenikweni kwa chithunzi. Koma simungalembepo chimene simukuchidziwa. N'chifukwa chake ine ndinasiya zotola, ndimajambula matabwa ndekha tepi ili pambali.

Wopenta wa ku Mchengautuwa: Ngati nkhani ndi yoti zioneke ngati mlombwa, musavutike. Gulani bulokubodi, ndibwere ndipake mtundu wofiirira, ndikoke mizere ndi burashi youma usanaume, pamwamba vanishi kawiri. Ambiri sazindikira. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri kuyerekeza ndi mlombwa.

Wojambula wa ku Chibavi: Zikomo akulu, koma sitinafike pomanga. Ndi chithunzi cha pa kompyuta chimene ndikufuna chioneke ngati thabwa lenileni.

Wopenta wa ku Mchengautuwa: Aa, pepani, ndinamva mwina. Komabe lamulo la bambowo ndi lomwenso timatsata ife. Ndikamakoka mizere pa chitseko, zopingasa ndimakoka chogona, ndipo ndimamata tepi pa malumikizo kuti mzere uduke bwino.

Mmisiri wa ku Luwinga: Ndibwerere kwa mwana wasukulu uja amene wati mlombwa ndi chimodzimodzi ndi mitengo yofiira ina. Ayi. Ngakhale mlombwa ndi mbawa, yathu yomwe ino, sizifanana, ndipo chithunzi chimene wapaka mnyamatayu chayandikira ku mbawa.

Mbawa ukangoipala imakhala yotuwira ngati nyama ya nkhumba, kenako imada pang'onopang'ono n'kukhala yofiira moderako. Mtundu wake ndi umodzi thabwa lonse. Chimene imadziwika nacho ndi mipyololo yaitali yowongoka, wina wowala wina woderako, ndipo ukasuntha mutu wowala uja umada, woda uja n'kuwala. Zimachitika chifukwa ulusi wa mtengo unakula mopota, zaka zina kupotera uku, zaka zina kupotera uko. N'chifukwa chakenso imavuta kupala, puleni imazula mpyololo umodzi n'kusalaza winawo.

Mlombwa ndi wina. Mtima wake ulibe mtundu umodzi. Pa thabwa lomwelo upeza pena ngati uchi, pena ngati tiyi wopanda mkaka, pena pofiira, ndi mizere yoderako yoyenda mokhotakhota ngati madzi a mumtsinje. Timabowo take timaoneka ndi maso ndipo ukapaka vanishi timada. M'mbali mwa thabwa mumakhala choyera chija, chotuwa ngati mkaka, ndipo malire ake ndi mtima ndi akuthwa, sizisakanikira pang'onopang'ono. Ukayala matabwa khumi a mlombwa pansi, palibe awiri ofanana mtundu. Khitchini yako ili ndi zitseko zisanu ndi zitatu zofanana ngati zotuluka m'chikombole chimodzi.

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Madala anena zoona pa mtundu. Koma choyeracho musachiike pa chithunzi. Kasitomala akaona choyera amati mwamugulitsa thabwa losakhwima. Ndiponso mlombwa weniweni wokhwima sukhala ndi choyera.

Mmisiri wa ku Luwinga: Apo pokha ndikana. Mtengo uliwonse wa mlombwa, ngakhale wa zaka zambiri, uli ndi choyera kunja pansi pa khungwa, pafupifupi zala ziwiri. Thabwa lopanda choyera ndi limene ocheka achichotsa. Chimene mukunena zoona n'chakuti mtengo waung'ono choyera chimachuluka poyerekeza ndi mtima, ndiponso choyeracho ndi chimene tizilombo tofumbula timakonda. Ine ndimachichotsa kapena kuchibisa mkati. Koma mmisiri amene wapatsidwa matabwa owerengeka sadzataya zala ziwiri mbali zonse pa thabwa lililonse. Ndiye funso ndi lakuti, amene adzamange khitchiniyi adzachichotsa? Ngati sadzachichotsa, chithunzi chopanda choyera ndi bodza, ndipo mayiwo adzakwiya tsiku lopachika makabati.

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Komatu chithunzi ndi chokopera munthu, madala. Ngakhale ife thabwa lokongola timaliika pamwamba pa mulu.

Mlongo wa mapulani: Ine zinandichitikira. Ndinajambula zitseko zooneka bwino zopanda chilema, mmisiri anabweretsa zokhala ndi mizere yoyera m'mbali, mwini nyumba anabwera kwa ine, osati kwa mmisiri. Kuyambira pamenepo ndimalemba mawu pansi pa chithunzi ndipo onse atatu timagwirizana. Achimwene, musanakhudzenso kompyuta, lembani kaye thabwa lililonse m'mawu ngati mukuuza munthu amene sakuliona. Mawu oti "makabati a mlombwa" sakwanira. Ine ndikanalemba chonchi: zitseko za mlombwa wa mtima wokhawokha, felemu ya mamilimita 70 ya mizere yowongoka, panelo ya matabwa awiri a mizere yokhota, mtundu wosiyana pang'ono chitseko ndi chitseko, vanishi wosanyezimira kwambiri. Chiganizo chimenecho chimakuuzani zithunzi zimene muyenera kukajambula, chimauzanso mmisiri matabwa oyenera kusankha.

Wojambula wa ku Chibavi: Mwati felemu ya mizere yowongoka, panelo ya mizere yokhota. Si mtengo umodzi womwewo? Kusiyanako kukuchokera kuti?

Mmisiri wa ku Luwinga: Kukuchokera pa macheka. Yang'ana kumutu kwa chipika, uona mizere yozungulira ya zaka. Ocheka athu amangodula chipika kuyambira mbali ina mpaka ina, matabwa ogona motsatana. Thabwa lochokera cha kunja, sowo yadutsa mizere yozungulira ija chopendekera, ndiye pa nkhope yake pamatuluka maonekedwe ngati mapiri osanjikizana kapena malawi a moto, nsonga zake zikuloza mbali imodzi. Thabwa lodutsa pakati penipeni pa chipika, sowo yadula mizereyo molunjika, ndiye nkhope yake ndi mizere yowongoka yoyandikana. Lowongokalo silipindika kwambiri, n'chifukwa chake ndimalisungira felemu. Lamapirilo ndi lokongola, limapita pa panelo, nsonga zikuloza kumwamba. Pa chithunzi chako zitseko ziwiri nsonga zaloza pansi. Mmisiri wosamala sachita zimenezo.

Ndipo pali china. Pamwamba pa chitseko chako, pamene choimirira chathera, wapakapo mizere yaitali yomweyo. Pamenepo ndi kumutu kwa thabwa. Pamaoneka timadontho ndi tizigawo ta mizere yozungulira, ndipo pamada kuposa nkhope chifukwa kumutu kumamwa vanishi.

Mayi wa ku Chimaliro: Pepani ndilowererepo ndi yanga, poti mwatchula bulugama wa pansi. Ife tinaika m'chipinda chochezera chaka chatha mu Epulo, mvula isanathe. Pofika Okutobala mipata inatseguka moti ndalama yachitsulo imalowa, matabwa ena anatukuka m'mbali. Kodi tinaberedwa mtengo kapena bulugama ndi wotero?

Mmisiri wa ku Luwinga: Mayi, mtengo ndi womwewo, koma anaukhoma usanaume. Bulugama amasunga madzi nthawi yaitali ndipo akamauma amafota kwambiri m'lifupi, makamaka matabwa amapiri aja. Kuno ku Mzuzu chinyezi cha Epulo ndi kuuma kwa Okutobala ndi zinthu zotalikirana. Mlombwa ndiye sufota kwambiri, n'chimodzi mwa zifukwa timaukondera. Panopa musathire kanthu m'mipatamo mpaka muone mmene ibwerere nthawi ya mvula, apo ayi matabwa akadzafufuma adzakankhana.

Mlongo wa mapulani: Nkhani ya mayiwa ikuthandizanso inu achimwene. Pansi panu pakuoneka ngati galasi limodzi, windo lonse likuonekera bwinobwino ngati pa madzi odekha. Pansi pa matabwa enieni sipatero, ngakhale pokhomedwa bwino. Thabwa lililonse lapendekeka pang'ono mwa lokha, ndiye kuwala kwa windo kumaduka thabwa ndi thabwa, lina likuwala lina lazima. Ine ndimamanga thabwa lililonse palokha, mamilimita 70 m'lifupi, kampata kosakwana milimita imodzi, m'mphepete ndimadulako pang'ono ndi Bevel kuti kagwire kuwala. Kenako ndimapendeketsa ena pang'ono kwambiri, kosakwana theka la digiri. Roughness ya mu Blender, imene imachepetsa kunyezimira, ndimayambira cha pa 0.35, ndipo sindisiya nambala imodzi pansi ponse. Mukalumikiza Random ya pa Object Info ku mtundu ndi ku Roughness, thabwa lililonse limatenga kusiyana kwake lokha.

Mmisiri wa ku Luwinga: Malumikizo akumutu usawaike pa mzere umodzi monga wachitira, ngati matailosi. Matabwa a pansi amabwera aatali mosiyana, ndipo timaonetsetsa kuti lumikizo la thabwa ili litalikirane ndi la loyandikana nalo, osachepera chikhatho ndi theka. Bulugama wake ndi wotuwa mofiirira pang'ono, ena oyererako, ndipo apo ndi apo pamakhala kamzere kakuda ka utomoni. Ikamo timizere timeneto tiwiri titatu.

Wojambula wa ku Chibavi: Ndamva. Nanga siling'i? Ndimaganiza kuti imeneyo ndiye yatuluka bwino.

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Achimwene, siling'iyo ndi imene inayamba kundiwawa m'maso. Paini ndimagwira tsiku lililonse. Pali mfundo ina yooneka ngati diso la ng'ombe, ndaiwerenga mpaka ndatopa, yomweyomweyo pa mzere ngati asilikali.

Mlongo wa mapulani: Tiwerenge. Chipindacho mwati ndi mamita 4.2 ndi 3.6. Matabwa a siling'i olowetsana aja akaphimba mamilimita 90 lililonse, pa 3.6 pakulowa matabwa 40. Chithunzi chanu ndaona chili ndi matabwa asanu, ndiye chabwerezedwa kasanu ndi katatu. M'litali chikuoneka chabwerezedwa katatu. Mfundo imodzi yaoneka ka 24. Diso la munthu limagwira kubwereza msanga kuposa china chilichonse, makamaka pa siling'i pomwe palibe mipando yobisa. Mukufunika matabwa osiyana osachepera khumi ndi awiri, aatali, ndipo lililonse mukhoza kulitembenuza mutu ndi kulisuntha m'litali, likhale ngati lina.

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Ndipo jambulani paini wathu wa ku Chikangawa, osati wa pa zithunzi za kunja wa mizere yothinana ngati tsitsi. Wathuyu amakula msanga, mizere yake ndi yotalikirana, pena mpaka chala chathunthu. Mfundo zake sizimwazika mwachisawawa. Nthambi za paini zimamera mozungulira thunthu pa msinkhu umodzi, ndiye pa thabwa upeza mfundo ziwiri kapena zitatu pamodzi, kenako danga loyera, kenako gulu lina. Bwerani pa shedi mudzaone, matabwa a mafiti 18 ali mbwee.

Mmisiri wa ku Luwinga: Apa ndiye mwalankhula ngati mwini ntchito. Ndiwonjezere pa mfundo. Ilipo yamoyo, yofiirira, yogwirana ndi thabwa, mizere imaizungulira ngati madzi akamalambalala mwala. Ilipo yakufa, ya nthambi imene inauma mtengo ukadali chiimire, imakhala ndi mkombero wakuda ndipo ina imagwa n'kusiya bowo. Mfundo za pa chithunzi chako zangokhala pamwamba, mizere ikudutsa pansi pake mowongoka osazipatuka. Paini alibenso timabowo ngati ta mlombwa, nkhope yake ndi yosalala, choncho usamupatse makwinya ofanana ndi a makabati. Ndipo mtundu: watsopano ndi wotuwa ngati batala, koma pansi pa vanishi amapsa ndi kuwala, pakatha chaka kapena ziwiri amakhala ngati uchi. Wako wamupaka wofiira ngati wakhala zaka khumi pamene nyumba ndi yatsopano.

Pakati pa matabwa awiri pamakhala kangalande kooneka ngati V. Kuwala kwa windo kukamadutsa chopingasa, mbali imodzi ya kangalandeko imawala ina imada. Iwe wangojambula mzere wakuda.

Wophunzira zomangamanga: Nanga zobiriwira motuwa zimene zimaoneka pa paini wina zija, ndi matenda? Ziikidwe pa chithunzi?

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Ndi nkhungu imene imalowa thabwa likachekedwa nthawi ya mvula n'kuunjikidwa popanda timitengo tolekanitsa. Mphamvu ya thabwa siichepa, koma sandipepa sachotsa chifukwa yalowa mkati. Pa denga la malata palibe vuto. Pa siling'i yopaka vanishi anthu amakana. Musaike.

Mlongo wa mapulani: Apa ndigwirizana nanu, koma zilembedwe m'mawu aja kuti paini wopanda nkhungu, mfundo zamoyo zokhazokha, kuti wogula matabwa akasankhe. Mtengo wake ukwera, ndipo mwini nyumba adziwiretu.

Za kajambulidwe, achimwene: pitani m'mawa kuli mitambo, Mzuzu satimana masiku otero. Dzuwa limaika chonyezimira pa thabwa chimene simungachichotse. Thabwa likhale lopala kale, ligone pansi, foni ilunjike pamwamba pake osapendekeka. Ikani tepi m'mbali ndi pepala loyera pakona kuti mudzakonzere mtundu. Lalitali jambulani zigawo n'kudzalumikiza. Pukutani ndi nsalu yonyowa musanajambule, chifukwa thabwa lonyowa limaonetsa mtundu woyandikira umene lidzakhale nawo likapakidwa vanishi.

Wojambula wa ku Chibavi: Ndakonza chitseko chimodzi usiku uno ndi chithunzi chakale chomwecho, kungogawa zidutswa, kutembenuza zopingasa ndi kuchepetsa kukula. Ndaika pamwambapa pambali pa chakale. Kusiyana kwake ndadabwa. Koma kuwala kosinthasintha kumene adada anena pa mbawa, ndipo ndikukuonanso pang'ono pa tebulo la mlombwa kwathu kuno, sikukutuluka.

Mlongo wa mapulani: Kumeneko ngakhale ine sindinakupeze bwino. Mu Blender ndinayesa Anisotropic, imene imatambasulira kuwala mbali imodzi, pa Principled BSDF, zinaoneka ngati chitsulo chopukutidwa. Pa chithunzi choima chimodzi mwina n'zosafunika kwenikweni, chifukwa kusinthako kumaoneka munthu akamayenda. Wina amene anakwanitsa atiuze.

Mmisiri wa ku Luwinga: Chatsopanocho tsopano ndi chitseko. Panelo ikadali thabwa limodzi, igawe pawiri. Ndili ndi matabwa asanu ndi anayi a mlombwa opala kale, a ntchito ya munthu wina, ogulidwa ndi mapepala a Nthambi ya Zankhalango, ndiyamba kuwadula Lolemba. Ubwere Loweruka m'mawa ndi tepi yako. Atatu ali ndi choyera, uwajambule momwemo, ukawaonetse mayi a ku Katoto asankhe okha.

Wogulitsa matabwa ku Zigwagwa: Ine ndikuti akakana choyeracho. Mudzatiuze.

Wojambula wa ku Chibavi: Yewo adada, ndifika 7 koloko. Ndikachoka kwanu ndidzera ku Zigwagwa za paini. Bulugama wopala kale wa mamilimita 70 alipo amene ali naye?